“Muikulitse”: kuchulukitsa resipi yolembedwa pamanja popanda kuononga keke

Masiku ano resipi imayenda pa foni. Wina amatsegula kope lakale la amayi ake kapena la azakhali, kujambula tsamba limodzi, n'kutumizira m'bale wake amene ali ndi uvuni. Pansi pa chithunzicho pamakhala mawu ochepa chabe: “Achemwali, muikulitse, anthu achuluka.” Wotumizayo amaona ngati wamaliza ntchito yake, ndipo wolandirayo amaona ngati chatsala n'kungowirikiza chilichonse kawiri kapena katatu. Pa tsiku la chinkhoswe m'pamene zimadziwika kuti panali china chofunika kuganizira: keke yatuluka yopserera m'mbali, pakati pali phala, ndipo mazira, shuga ndi fulawa wa ndalama zambiri zapita pachabe.

Cholakwika nthawi zambiri chimakhala chimodzi. Anthu amaganiza kuti zonse zolembedwa pa pepalalo zimakula mofanana. Zopangira monga fulawa ndi shuga zimatsatiradi masamu ochulukitsa. Koma nthawi yophikira ili ndi lamulo lakelake: imatsatira kukhuthala kwa chakudya, osati kuchuluka kwake. Tiyeni titenge keke imodzi ya nthochi, tiyende nayo kuyambira pa chithunzi mpaka itatuluka mu uvuni, kuti tione pamene masamu amathandiza ndi pamene amasocheretsa.

Yambani mwawerenga pepalalo bwinobwino

Tinene kuti tsamba lojambulidwalo likunena izi: fulawa makapu 2, shuga kapu 1, majarini theka la kapu, mazira 2, nthochi zakupsa 3, chambiko theka la kapu, bekingi pauda masupuni 2, soda ndi mchere theka la supuni chilichonse. Pansi penipeni palembedwa kuti 180, mphindi 45. Kukula kwa chitini sikunalembedwe, chifukwa mwini resipi ali ndi chitini chimodzi chokha chimene wakhala akuphikiramo zaka zonsezi, ndipo sanaone chifukwa chochitchula.

Chithunzi cha pa foni chili ndi mavuto ake. Mthunzi wa dzanja la wojambula umagwera pa manambala, pepala limakhala lopindika pakati, dontho la mafuta limafufuta inki, ndipo mzere womaliza umadulidwa. Kawirikawiri resipi imapitirira kuseri kwa tsamba, komwe wojambulayo sanatembenuze. M'zolemba zapamanja 1 ndi 7 zimafanana, ndipo kamzere kongochitika mwangozi kutsogolo kwa ½ kamachititsa kuti muwerenge 1½. Ngati wolembayo anagwiritsa ntchito zidule zachingerezi, yang'anitsitsani kusiyana kwa tsp ndi tbsp. Yoyambayo ndi supuni yaing'ono ya tiyi, ya mamililita 5, pomwe yachiwiriyo ndi supuni yaikulu, ya mamililita 15. Chilembo chimodzi chosaoneka bwino chimachulukitsa mlingo katatu musanayambe n'komwe kukulitsa resipiyo.

Pali njira yoyesera ngati mwawerenga molondola. Mu keke wamba, kapu imodzi ya fulawa imafuna supuni yaing'ono imodzi ya bekingi pauda kapena kupitirirako pang'ono, ndipo soda amakwana kota ya supuni yaing'ono pa kapu iliyonse, chifukwa mphamvu yake imaposa ya bekingi pauda katatu kapena kanayi. Resipi yathuyi ili ndi makapu 2 a fulawa, choncho masupuni aang'ono 2 a bekingi pauda ndi theka la supuni ya soda n'zomveka. Ngati maso anu akuona 1½ pa mzere wa soda, kayikirani. Soda wochuluka choncho, mukadzamuchulukitsanso, adzapitirira masupuni atatu, ndipo keke yake idzakhala yoderako kwambiri mkati, yonunkha ndi kukoma ngati sopo. Cholakwika chaching'ono pa pepala chimakula limodzi ndi keke.

Nambala ya kutentha nayo imafuna diso. Mukaona 350 pamene mumayembekezera 180, dziwani kuti resipiyo inakoperedwa m'buku lachimereka, momwe amayeza kutentha mwa njira ina. Madigiri 350 a kumeneko ndi pafupifupi 180 a pa uvuni wathu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati mwini resipi alipo, muimbireni musanaswe dzira. Mafunso ake ndi atatu okha: “Azakhali, kapu mumayezerayo ndi iti? Chitini chanu n'chachikulu bwanji? Nanga keke imeneyi mumadula zidutswa zingati?” Funso la kapu ndi lofunika kwambiri. Kapu yoyezera ya m'sitolo imalowa mamililita 250, kapu ya tiyi ya m'kabati imachepera pamenepo, ndipo kapu yapulasitiki yomwera madzi imaposa. Mukayezera kapu ina, fulawa, shuga ndi chambiko zisintha pamodzi, koma mazira, nthochi ndi masupuni sizisintha nawo. Apempheni azakhali athire madzi m'kapu yawoyo, awakhuthulire m'botolo la theka la lita, akuuzeni pamene afika.

Mufunsenso wotumiza chithunziyo chimene akufuna kwenikweni. Kodi akufuna kuti anthu ambiri adye, kapena akufuna keke yotambalala, kapena yaitali yooneka bwino pa tebulo? Mayankho atatuwa amatsogolera ku mapikidwe osiyana, monga tionere.

Chitini ndicho chimapereka nambala yochulukitsira

Tinene kuti azakhali ayankha: kapu ndi ya mamililita 250, chitini n'chozungulira, chotambalala masentimita 20 mukachiyeza podutsa pakati, ndipo kekeyo imatuluka zidutswa 12. Alendo oyembekezeka ndi 25. Mukagawa 25 ndi 12 mupeza 2 ndi kanthu kochepa, kutanthauza kuti mukufunika keke yowirikiza kawiri. Funso lotsatira n'lakuti phala lowirikiza kawirilo lilowa m'chitini chotani.

Apa m'pamene ambiri amagwa. Maganizo oyamba amati keke yowirikiza kawiri ifuna chitini cha masentimita 40. Koma chitini chikamakula chimakula mbali zonse nthawi imodzi, moti cha masentimita 40 chimalowa phala lowirikiza kanayi. Powerengera zitini ziwiri zozungulira, chulukitsani kutambalala kwa chilichonse ndi nambala yomweyo, kenako gawani chachikulu ndi chaching'ono. Chitini cha azakhali: 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400. Chitini cha masentimita 28 chimapereka 784, pafupifupi kuwirikiza kawiri ndendende. Cha masentimita 25 chimapereka 625, komwe ndi pafupifupi kamodzi ndi theka. Cha masentimita 30 chimapereka 900, ndipo 900 kugawa ndi 400 ndi 2.25, kapena kuti ziwiri ndi kota.

Ngati m'nyumba mwanu muli chitini cha masentimita 30, nambala yanu ndi 2.25, osati 2. Mukathira phala lowirikiza kawiri lokha, keke idzatuluka yopyapyalako ndipo idzauma msanga. Mukachulukitsa ndi 2.25 mupeza keke yokhuthala chimodzimodzi ndi ya azakhali, yotuluka zidutswa 27, zokwanira alendo anu n'kutsalako.

Amene masamu amawasowetsa mtendere, kapena amene chitini chawo n'cha makona anayi, angagwiritse ntchito madzi. Thirani madzi m'chitini chaching'ono kufika pa mlingo wina, mwachitsanzo masentimita atatu kuchokera pansi, mukuwerenga makapu amene mwathira. Chitani chimodzimodzi m'chitini chachikulu kufika pa mlingo womwewo. Gawani makapu a chachikulu ndi makapu a chaching'ono, ndipo yankho lake ndiyo nambala yochulukitsira. Chachikulu n'chakuti madzi afike msinkhu wofanana m'zitini zonse ziwiri, chifukwa cholinga chathu chonse ndi kusunga kukhuthala kwa keke monga kunalili. M'chitini cha azakhali phala limafika pafupifupi masentimita atatu ndi theka, lomwe ndi theka la chitini chozama masentimita 7. M'chitini chachikulu lifikenso pomwepo. Phala lisapitirire magawo awiri mwa atatu a chitini, kuti likhale ndi malo ofufumira.

Zopangira, chimodzi chimodzi

Tsopano tichulukitse. Ngati muli ndi sikelo ya kukhitchini, sinthani makapu akhale magalamu musanachulukitse. Kapu ya fulawa wosatsendera imalemera pafupifupi magalamu 130, koma kapu yomweyo mukaitsendera kapena kuiunjikira imatha kufika 160. Pa makapu awiri kusiyanako kumakhululukika, koma pa makapu anayi ndi theka kumafanana ndi kuwonjezera kapu yathunthu ya fulawa, ndipo keke imatuluka youma ndi yolimba. Ngati sikelo palibe, thirani fulawa m'kapu ndi supuni, musatsendere, ndipo salazani pamwamba ndi kumsana kwa mpeni nthawi iliyonse.

Resipi yathu ikachulukitsidwa ndi 2.25 ikhala chonchi:

Fulawa: makapu 4 ndi theka, magalamu 585
Shuga: makapu 2 ndi kota, magalamu 450
Majarini: kapu 1 ndi masupuni aakulu 2, magalamu 270
Chambiko: kapu 1 ndi masupuni aakulu 2, mamililita 280
Nthochi zoponda: magalamu 675
Mazira: 4 ndi theka
Bekingi pauda: masupuni aang'ono 4
Soda: supuni yaing'ono 1
Mchere: supuni yaing'ono 1

Zinayi zoyambirirazo n'zosavuta, zimangotsatira masamu. Zotsalazo zimafuna kufotokoza.

Nthochi siziwerengedwa ndi zala pokulitsa resipi. “Nthochi zitatu” za azakhali zingakhale zikuluzikulu, pomwe zimene mwagula pamsika ndi tinthochi tating'ono totsekemera. Nthochi zitatu zapakatikati zikasendedwa n'kupondedwa zimapereka pafupifupi magalamu 300, kapu imodzi ndi kota. Choncho pondani nthochi, kenako muyeze: mukufuna magalamu 675, makapu osakwana pang'ono atatu. Nthochi zimabweretsa madzi ndi shuga mu keke, ndipo zikapitirira muyezo pakati pamatuluka ponata ngakhale mutaphika motalika bwanji.

Theka la dzira limapezeka mosavuta. Swani dzira lachisanu m'kapu, limenyeni ndi foloko mpaka yolk ndi zoyera zisakanikirane, n'kutengapo supuni yaikulu imodzi ndi theka. Dzira lalikulu lopanda chikhokho limalemera pafupifupi magalamu 50, choncho resipi yatsopanoyi ikufuna magalamu 225 a mazira. Ngati mazira anu ndi a nkhuku zachikuda, omwe amakhala ang'onoang'ono, asanu athunthu kapena asanu ndi limodzi ndiwo angakwane.

Bekingi pauda ndi soda ndazichepetsa dala. Masamu akuti masupuni 4 ndi theka a bekingi pauda, koma ndalemba 4. Keke yotambalala imachedwa kulimba pakati, chifukwa kutentha kumayambira m'mbali. Ngati mpweya wofufumitsa wachuluka, pakatipo pamatupa msanga pasanalimbe, timabowo ta mpweya timaphulika, ndipo keke imatitimira n'kusiya dzenje. Kuchepetsako pang'ono kumateteza zimenezi. Pa soda ndi mchere, masamu akuti supuni imodzi ndi kachigawo kochepa, kachigawoko kasiyeni. Pa zinthu zamphamvu ngati zimenezi, kuperewera pang'ono sikuononga keke monga kumachitira kupitirira.

Malo amene mukuphikira amakhudzanso zofufumitsazi. Kumalo okwera mpweya ndi wopepuka, choncho keke imafufuma mofulumira ndipo madzi amawira asanafike madigiri 100. Resipi yolembedwa ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene n'kotsika kwambiri, ikatumizidwa ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, kapena kwa m'bale wokhala ku Johannesburg, pa mamita opitirira 1,700, keke yake imatha kutupa kwambiri n'kugwa. Kumalo otere chotsaniponso theka la supuni ya bekingi pauda, muwonjezere masupuni aakulu awiri a chambiko.

Nthawi imatsatira kukhuthala

Tafika pa mzere womaliza wa pepala lija: 180, mphindi 45. Manambala awiriwa musawachulukitse. Mphindi 45 kuchulukitsa ndi 2.25 zikupitirira mphindi 100, ndipo keke yokhala mu uvuni nthawi yonseyo idzatuluka ili makala.

Aliyense amene anawotchapo mbatata paphulusa amadziwa mmene zimakhalira. Mbatata khumi zing'onozing'ono zimapsa pa nthawi yofanana ndi imodzi yaing'ono, bola phulusa likwanire zonse. Koma mbatata imodzi yaikulu imachedwa kwambiri, ndipo kunja kumapserera mkati muli gwa. Kutentha kumalowa m'chakudya kuchokera kunja, pang'onopang'ono, ndipo chimene chimatenga nthawi ndi mtunda wochokera kunja kufika pakati. Mtundawo ukawirikiza kawiri, nthawi siwirikiza kawiri kokha, imatha kuyandikira kanayi. N'chifukwa chake kuthira phala lowirikiza kawiri m'chitini chakale chomwe chija ndi njira yoipa kuposa zonse: limasefukira, ndipo lotsalamo limapserera pamwamba pakati pasanapse.

M'chitini chathu cha masentimita 30 phala lakhuthala chimodzimodzi ndi la azakhali, choncho kutentha kochokera pansi ndi pamwamba kuyenda mtunda womwewo. Chasintha n'chakuti pakati patalikirana ndi m'mbali, ndipo thandizo la kutentha kochokera m'mbali silifikako msanga. Nthawi iwonjezeka ndithu, koma pang'ono: yembekezerani mphindi 55 mpaka 70. Kuti m'mbali musaume podikira pakati, tsitsani uvuni kuchoka pa 180 kufika pa 170. Keke ikakula moto umachepa, osati kuwonjezeka. Ngati uvuni wanu uli ndi fani yozunguza mpweya, monga ambiri a ku Britain ndi ku South Africa, tsitsaniponso madigiri ena 20, chifukwa mpweya woyenda umaphika mwamphamvu.

Musatsegule chitseko m'mphindi 30 zoyambirira, pamene keke ikufufuma ndipo sinalimbe. Yambani kuiyesa pa mphindi 50. Keke yakupsa imaoneka ndi zizindikiro zingapo pamodzi. M'mbali imayamba kusiyana ndi chitini, kusiya kampata kakang'ono. Mukadina pakati ndi chala pamabwerera, posasiya chidindo. Mukagwedeza chitini pang'ono, pakati sipanjenjemera. Kenako bayani kamtengo koonda kapena mpeni wopyapyala pakati penipeni mpaka pansi: katuluke kouma kapena ndi tinyenyeswa tochepa, kopanda phala. Pa keke ya nthochi bayani malo awiri kapena atatu, chifukwa mukalasa kachidutswa ka nthochi kamtengo kamatuluka konyowa ngakhale keke itapsa. Amene ali ndi choyezera kutentha cha chakudya ayembekezere madigiri pafupifupi 95 pakati.

Mukaona kuti pamwamba pafiira kale koma pakati pakunjenjemerabe, musakweze moto ndiponso musaitulutse. Funditsani pamwamba pepala la aluminiyamu mosakanikiza, mupitirize kuphika, mukuyesa mphindi zisanu zilizonse. Palinso njira yothandiza pa zitini zazikulu kwambiri: ikani kapu yachitsulo yopakidwa mafuta pakati pa chitini musanathire phala, muikemo kamwala koyera kuti isasunthe. Keke ituluka ndi bowo pakati, koma ipsa mofanana, chifukwa mwachotsa malo enieni amene amachedwa.

Keke ikalephereka, maonekedwe ake amanena chimene chinalakwika. Ikang'ambika pamwamba n'kutukumuka ngati phiri, moto unachuluka, kunja kunalimba mkati mukufufumabe. Ikatitimira pakati, mwina zofufumitsa zinachuluka, kapena inatulutsidwa isanapse. Mzere wonata, wolemera, pansi pa keke umasonyeza kuti madzi kapena nthochi zinapitirira, kapena moto wapansi unachepa. Ikakhala yolimba, yokhala ndi mabowo ataliatali mkati, phala linatakasidwa mopitirira fulawa atalowa kale. Vuto lomalizali limakonda phala lambiri, chifukwa munthu amalimbana nalo nthawi yaitali kuti lisakanikirane. Gwiritsani ntchito beseni lalikulu, thirani fulawa m'magawo atatu, ndipo lekani kutakasa ufa wouma ukangosiya kuoneka.

Ophika pa mbaula

Ambiri amaphika keke ndi chigumu m'poto, makala pansi ndi ena pa chivundikiro. Lamulo ndi lomwelo, koma m'malo motsitsa nambala mumachepetsa ndi kuyala makala. Poto akakula, chiyeso chimakhala chokoleza moto waukulu. Musatero. Pansi pa poto pamakhala pafupi ndi makala kuposa pamwamba pa keke, choncho pamapserera msanga. Siyani makala ochepa pansi, owayala mozungulira osati kuunjika pakati, ndipo ambiri akhale pa chivundikiro. Ngati mukuika chitini m'kati mwa poto wamkulu, yalani mchenga wouma pansi pa potoyo, muutenthetse kaye, kuti chitini chisakhudze chitsulo chotentha. Tembenuzani poto pang'ono mphindi khumi zilizonse, chifukwa mbali yoyang'ana kumphepo imayaka kwambiri. Keke yaikulu imatenga nthawi yoposa moyo wa makala oyamba, choncho khalani ndi makala ena oyaka kale pambali oti muwonjezere. Makala osayaka akaikidwa pa chivundikiro amaziziritsa poto ndipo keke imagwa.

Pamene kukulitsa kuyenera kulekera

Bwanji alendo akakhala 50 kapena 100? Apa yankho labwino n'kusiya kufunafuna chitini chachikulu. Phikani makeke angapo a msinkhu umene mukuudziwa. Makeke awiri a masentimita 30 amadyetsa anthu opitirira 50, ndipo iliyonse imapsa pa nthawi imene mwaiyesa kale. Amene akufuna keke yaitali yooneka bwino aphikenso ziwiri zopyapyala, azisanjikize zitazirala, pakati apake kirimu kapena jamu. Makeke ataliatali a pa ukwati amapangidwa motero.

Mukaika zitini ziwiri mu uvuni umodzi, siyani mpata wa zala zitatu pakati pake ndi m'mbali kuti mpweya wotentha uziyenda. Zisinthanitseni malo zikadutsa magawo awiri mwa atatu a nthawi yake, ndipo yembekezerani kuwonjezera mphindi zisanu kapena khumi. Ngati uvuni umalowa chitini chimodzi chokha, musasakanize phala lonse nthawi imodzi. Soda akangokumana ndi chambiko amayamba kutulutsa mpweya pomwepo, ndipo phala lodikira ola lathunthu pa tebulo limakhala litataya mphamvu yake likamalowa mu uvuni. Yezani zouma za keke yachiwiri, muzisunge padera, n'kusakaniza ndi zamadzi yoyamba ikatsala pang'ono kutuluka. Kuchita choncho kumakutetezaninso magetsi akathima pakati pa ntchito: mumataya keke imodzi, osati zopangira zonse.

Za mumphika zimatsatira nzeru yomweyo

Chithunzi chimene mwalandira chingakhale cha mpunga kapena nyama ya pa phwando lomwelo. Nazonso zili ndi mbali yotsatira masamu ndi mbali yosatsatira. Mpunga umamwa madzi pafupifupi ofanana ndi kuchuluka kwake, ndipo ena onse amene resipi imatchula amatuluka ngati nthunzi. Nthunziyo imadalira kukamwa kwa poto ndi nthawi, osati makapu a mpunga. Ngati resipi ikuti makapu 2 a mpunga ndi makapu 3 ndi theka a madzi, makapu 10 a mpunga safuna makapu 17 ndi theka. Yambani ndi 13 kapena 14 m'poto wovundikira bwino, madzi ena otentha ali pambali. Mukachulukitsa madzi ndi masamu okha mupeza phala m'malo mwa mpunga woyoyoka. Poto wamkulu amachedwa kuwira, koma akangowira mpunga umapsa pa mphindi 15 mpaka 20 zomwe zija, choncho werengani nthawi kuyambira pamene madzi awira.

Nyama nayo imafewa molingana ndi kukula kwa nthuli. Makilogalamu asanu odulidwa nthuli zofanana ndi za kilogalamu imodzi amapsa pa nthawi yosasiyana kwambiri, poto akangowira. Chofunika kusamala ndi pokazinga: nyama yambiri ikaunjikidwa imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mofiira, choncho ikazingeni pang'onopang'ono. Mchere, tsabola ndi zonunkhiritsa thirani magawo atatu mwa anayi a zimene masamu akunena, mulawe chakumapeto, n'kuwonjezera. Ndiwo zimalola kulawa ndi kukonza zili pamoto, pomwe keke ikalowa mu uvuni palibenso chimene mungabweze.

N'chifukwa chake keke ya tsiku lalikulu iyenera kuyesedwa kusanafike tsikulo. Ngati ndalama sizilola kuyesa yaikuluyo, phikani yaing'ono monga inalembedwera, m'chitini cha masentimita 20. Ikatuluka bwino, mwatsimikiza kuti munawerenga chithunzi molondola, ndipo mwadziwa ngati uvuni wanu umafulumira kapena kuchedwa poyerekeza ndi wa azakhali. Mukadzaphika yaikuluyo, lembani pa tsamba latsopano zimene pepala loyamba linasiya: magalamu a chopangira chilichonse, kukula kwa chitini, pamene phala linafika, madigiri, mphindi zenizeni zimene inatenga, ndi zidutswa zimene inatuluka. Lembani ndi manambala akuluakulu, ndipo mawu oti “supuni yaing'ono” ndi “supuni yaikulu” muwalembe athunthu. Amene adzalandire tsambalo adzatha kupeza yekha nambala yochulukitsira pa chitini chilichonse chimene ali nacho.